Kalongedwe ndi kanyamulidwe ka mazira opita nawo kumsika

Mazira ambiri amene amafika pamsika atasweka sakhala kuti akumana ndi ngozi yaikulu panjira. Amasweka chifukwa chakuti wolongedza anawasiyira mpata woti azigwedezeka, ndipo dzira limene likugwedezeka limagundana ndi linzake kapena ndi khoma la katoni kambirimbiri mpaka chigoba chake chitagonja. Chigoba cha dzira la nkhuku n'chopyapyala ndithu, sichikwana ngakhale theka la milimita, koma chimapirira kulemera kwakukulu ngati kulemerako kukudzera kunsonga zake ziwiri. Chimene sichipirira ndi kugogodedwa m'mbali. Choncho ntchito yonse yolongedza imagona pa kuimika dzira bwino ndi kulimana mpata wosuntha, kenako n'kuliteteza ku dzuwa ndi chinyezi. M'malangizo ano titsatira katundu mmodzi kuchokera kukhola mpaka pabenchi yogulitsira: mazira 150, oikidwa m'mathireyi a mapepala olowa mazira 30 iliyonse, onyamulidwa pa njinga yakapalasa m'msewu wa mabampu.

Kutolera ndi kusankha

Ulendo wa dzira umayambira m'chisa. Tolerani mazira kawiri kapena katatu patsiku, makamaka m'mawa pamene nkhuku zambiri zimaikira, chifukwa dzira likakhalitsa m'chisa nkhuku zina zimaliponda, kulijompha ndi kulidetsa ndi zitosi. Dzira limatuluka lili lotentha, popeza thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri seshasi 41, motero si bwino kulitsekera m'katoni nthawi yomweyo. Yalani mazirawo m'mathireyi pamalo a mthunzi opita mphepo kuti azizire kaye usiku wonse.

Madzulo a tsiku loti mawa lake mupita kumsika, khalani pansi n'kusankha dzira limodzilimodzi. Iyi ndi ntchito imene anthu ambiri amaichita mothamanga, koma ndi imene imapulumutsa katundu. Mng'alu waukulu umaoneka ndi maso, koma pali ming'alu ina yaing'ono ngati tsitsi imene simungaione masana. Njira yoyamba yoipezera ndi ya khutu. Tengani mazira awiri, limodzi kudzanja lililonse, muwagundanitse pang'onopang'ono pafupi ndi khutu. Mazira athunthu amalira momveka bwino ngati timiyala, pomwe dzira la mng'alu limalira mogonthera, ngati mphika wong'aluka. Mukamva kulira kogonthako, gundanitsani lililonse mwa awiriwo ndi dzira lachitatu kuti mudziwe lolakwa.

Njira yachiwiri ndi younika ndi tochi m'chipinda cha mdima. Fumbatani kutsogolo kwa tochi ndi dzanja kuti kuwala kuzitulukira pa kampata kakang'ono, ikani mbali yaikulu ya dzira pa kampatako, ndipo litembenuzeni pang'onopang'ono. Mng'alu umaoneka ngati kamzere kowala. Kumbali yaikuluyo mudzaonanso kathumba ka mpweya, kamene ndi mboni ya msinkhu wa dzira: pa dzira latsopano kamakhala kakang'ono, kosapitirira mamilimita 6 kuya kwake, ndipo kamakula tsiku ndi tsiku pamene madzi a m'dzira akuuluka. Dzira limene kathumba kake kakula kwambiri, kapena limene mkati mwake mukuoneka mdima, madontho akuda kapena mzere wa magazi wozungulira, lisapite kumsika.

Patulani mazira onse a ming'alu, a zigoba zofewa kapena zokhakhala ngati mchenga, ataliatali modabwitsa, ndiponso aakulu mopitirira muyeso. Dzira lalikulu kwambiri ndi lokopa kwa ogula, koma m'thireyi limatumphukira pamwamba pa anzake, ndipo thireyi yapamwamba ikakhala, kulemera konse kumatsikira pa ilo lokha. Mazira otere anyamuleni padera, kapena aikeni m'thireyi yapamwamba penipeni. Mukaona kuti mazira a zigoba zofooka akuchuluka sabata ndi sabata, vuto silili pa kalongedwe koma m'khola: mwina chakudya chikuperewera kashiamu, mwina nkhuku zakalamba, kapena khola likutentha kwambiri moti nkhuku zikungopuma wefuwefu. Zonse zitatuzi zimapyapyalitsa chigoba.

Za kutsuka mazira

Pano pamafunika kufotokoza pang'ono, chifukwa ogulitsa ambiri amawononga mazira awo pofuna kuti aoneke okongola. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tokwana masauzande angapo, ndipo nkhuku ikamaikira imakuta chigobacho ndi kamadzi kamene kamauma nthawi yomweyo n'kutseka timabowoto. Kachikuto kameneka ndi kamene kamaletsa tizilombo toyambitsa matenda, monga salimonela, kulowa mkati. Mukatsuka dzira mumachotsa chitetezo chimenechi. Choipa kwambiri ndi kutsuka ndi madzi ozizira kuposa dziralo, chifukwa zamkati mwa dzira zikazizira zimakhwinyata n'kukokera madzi akudawo mkati kudzera m'timabowo tija. Dzira lotero limaoneka loyera kunja, koma limavunda msanga kuposa limene linali ndi kadontho ka dothi.

Dzira lokhala ndi litsiro lochepa lipukuteni ndi kansalu kouma, kapena lipaleni mosamala ndi sandipepa yosalala pamalo pokhapo pamene pada. Limene lamatidwa kwambiri ndi zitosi kapena ndi madzi a dzira lina losweka lichotseni pa katundu wogulitsa. Ngati n'kofunikadi kulitsuka, gwiritsani ntchito madzi aukhondo ofunda kuposa dziralo, musalinyike, liumitseni msanga, ndipo ligwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mankhwala enieni a mazira akuda ndi kusintha udzu kapena utuchi wa m'zisa kawirikawiri.

Kuika m'mathireyi ndi kusanja

Pa mazira 150 aja pafunika mathireyi 7, osati 5. Asanu ndi onyamula mazira, imodzi ndi yophatikiza pansi kuti thireyi yoyamba ikhale yapawiri, ndipo ina ndi yovindikira pamwamba. Yang'anani thireyi iliyonse musanaikemo kanthu. Thireyi ya mapepala imene inanyowapo imafewa ngakhale itauma, ndipo timitu take timene timachirikiza thireyi yapamwamba timabwanyuka. Imene inatayikirapo dzira imasunga fungo ndi tizilombo. Zoterozo zitayeni kapena zitentheni. Mathireyi a pulasitiki ali ndi ubwino wakuti amatsukika, koma ndi olimba ndipo sameza kugwedezeka monga amachitira a mapepala, choncho amafuna chofewa chokwanira pansi pake.

Dzira lililonse liime mbali yosongoka ili pansi, yaikulu ili m'mwamba. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, mbali yosongoka imakhazikika bwino m'kadzenje ka thireyi ndipo dzira silipendamapendama. Chachiwiri, kathumba ka mpweya kaja kali kumbali yaikulu. Kakakhala m'mwamba kamakhala pamalo pake, ndipo chachikasu cha m'dzira chimakhala pakati, kutali ndi chigoba. Dzira likaima chadodolido, mpweya umafuna kukwera, kanembanemba ka mkati kamamasuka ndi kugwedezeka kwa panjira, ndipo chachikasu chimasendera kuchigoba kumene tizilombo timachipeza msanga. Yesetsani kuti mazira a thireyi imodzi akhale ofanana kukula, ndipo mathireyi a mazira akuluakulu ndi olimba akhale pansi.

Posanja, thireyi iliyonse yodzaza iikeni mopingasa ndi yapansi pake, ndiko kuti muitembenuze gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Mathireyi opanda kanthu amalowana akayang'ana mbali imodzi, n'chifukwa chake amasungika pamalo ochepa. Koma akakhala ndi mazira, kulowana kumeneko kumatanthauza kuti thireyi yapamwamba ikukhalira mazira enieniwo. Mukaitembenuza, miyendo yake imakhala pa timitu ta thireyi yapansi, ndipo kulemera kumatsika kudzera m'mapepala osakhudza zigoba. Njira yodziwira ndi yosavuta: ikani thireyi, itsindikeni pang'ono ndi chikhatho, ndipo muyese kuigwedeza. Ikakhazikika osapendama, yakhala bwino. Ikamayendayenda ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi, ndiye kuti yakhalira dzira, ichotseni muyambirenso.

Musapitirire mathireyi 6 pa mulu umodzi. Dzira lapakati limalemera magalamu pafupifupi 60, motero thireyi yodzaza ndi makilogalamu pafupifupi 1.8, ndipo mulu wathu wa mathireyi 5 ukulemera makilogalamu 9. Njinga ikagunda bampu, thireyi yapansi imamva kulemera kumeneku mochulukirapo kwa kanthawi, ndiye chifukwa chake tinaiphatikiza. Katoni yaikulu imene alimi amalonda amagwiritsa ntchito imalowa mazira 360, ndipo mkati mwake amakhala milu iwiri ya mathireyi 6, osati mulu umodzi wautali.

Mukavindikira ndi thireyi yopanda kanthu, mangani muluwo ndi chingwe mopingasa, mbali zonse ziwiri, kuti ukhale ngati chinthu chimodzi. Pamakona pamene chingwe chikudutsa ikanipo tizidutswa ta katoni kuti chisadule mapepala. Kumanga kukhale kolimba moti thireyi sizikusuntha, koma osati kofinya mpaka m'mbali mwa thireyi yapamwamba kupindika.

Katoni kapena bokosi

Mulu womangidwawo ulowe m'katoni yolimba kapena m'bokosi la matabwa. Pansi yalani udzu wouma, mankhusu kapena chiguduli chopinda, kuchindikala kwake ngati zala zitatu. Mukaika muluwo, tsekani mipata yonse ya m'mbali ndi mapepala ofinyafinya kapena udzu, ndipo pamwamba dzazaninso mpaka chivindikiro chizigwira pang'ono potseka. Kenako nyamulani katoniyo ndi manja awiri n'kuigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu. Ngati mukumva kanthu kakusuntha kapena kulira kuti gobedegobede, musanyamuke. Tsegulani muonjezere zotsekera. Katoni yolongedzeka bwino imakhala chete. Boolani timabowo tingapo m'mbali mwake chakumtunda kuti mpweya uziyenda, ndipo musaikulunge m'pepala la pulasitiki kupatula pamene mvula ikugwa, chifukwa pulasitiki imasunga kutentha ndi thukuta.

Amene alibe mathireyi angathe kugwiritsa ntchito dengu lolimba kapena ndowa, ngakhale njira imeneyi imafuna kuleza mtima. Yalani mankhusu, utuchi kapena udzu wodulidwa tizidutswa pansi, imikani mazira mosagundana ndiponso mosakhudza khoma, thirani zofewazo mpaka mazira onse atabisika, tsindirani pang'ono, ndipo yambani mzere wina. Mizere itatu kapena inayi ndi yokwanira. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti zofewazo zimatsika ndi kugwedezeka, mazira n'kuyamba kukumana pansi, choncho muzidzaza mpaka pakamwa ndi kumangapo nsalu yokoka bwino. Zonse zikhale zouma ndi zopanda fungo. Dzira limapuma kudzera m'timabowo tija ndipo limatenga fungo la chimene layandikana nacho, kaya ndi utuchi wa mtengo wonunkhira, palafini, petulo, sopo kapena mankhwala a m'munda. Katoni imene munali zinthu zoterezi isagwiritsidwe ntchito ngakhale ikuoneka yatsopano.

Panjira

Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Pa kaliyala wa njinga yambani mwamangapo thabwa lalikulu kuposa pansi pa katoni, chifukwa kaliyala ndi wopapatiza ndipo katoni yoikidwa pa kaliyala yekhayo imapindika m'mbali, mazira a m'mphepete n'kuphwanyika. Pa thabwalo yalani chiguduli chopinda kapena siponji, ikani katoni mosapendama, ndipo mangani ndi malegeni mopingasa. Malegeni amaposa chingwe pa ntchito imeneyi chifukwa amatamuka n'kubwerera, pomwe chingwe chimamasuka pang'onopang'ono. Ine ndinaphunzira za thabwali movutikira: tsiku lina ndinamanga katoni pa kaliyala popanda thabwa, ndinakoka malegeni mwamphamvu poganiza kuti ndikuteteza katundu, ndipo nditafika ndinapeza mzere wonse wa m'mphepete mwa thireyi yapansi utaphwanyika, mbali zonse ziwiri, pamene apakati anali bwinobwino. Sanali mabampu amene anawaswa, koma kumanga kwanga komwe.

Matayala asakhale opopa gwa ngati mwala. Mpweya wocheperako pang'ono umameza mabampu, malinga ngati limu silikugunda pansi. Palasani modekha, gwirani mabuleki msanga osati modzidzimutsa, ndipo pamalo a miyala, pa maenje ndi potsetsereka kwambiri tsikani muziikankha. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, imani muone ngati malegeni akadali olimba, chifukwa katundu amakhazikika ndi kugwedezeka koyambako. Poima musatsamiritse njinga pamtengo katundu ali pomwepo osaigwira, pakuti katoni ya makilogalamu 9 pamwamba pa tayala lakumbuyo imagwetsa njinga mosavuta.

Ngati mukukwera galimoto, malo abwino ndi pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kumbuyo kwenikweni ndi kumene kumadumpha kwambiri, ndipo pamwamba pa galimoto pali dzuwa ndi zingwe za katundu wa anthu ena. Pewaninso pansi pamene pamatentha ndi injini. Katoni imodzi ndi bwino kuinyamula pamiyendo, ndipo pokweza ndi potsitsa gwirani nokha, dzanja limodzi lili pansi pake. Woyenda pansi asenze pa nkhata yochindikala, ndipo potula apemphe wina amuthandize m'malo mogwetsera katundu pansi yekha.

Pabenchi yogulitsira

Mukafika, tsegulani katoni nthawi yomweyo ndipo muone thireyi iliyonse. Mmene mazira aswekera mumakuuzani chimene chinalakwika. Akasweka a thireyi yapansi, mulu unatalika kapena chofewa chapansi chinachepa. Akasweka a m'mphepete, munali mpata m'mbali kapena kumanga kunafinya. Akabooka pamwamba penipeni ngati nyenyezi, ndiye kuti thireyi inakhalira mazira chifukwa sinatembenuzidwe, kapena dziralo linali lalikulu kuposa anzake. Akasweka apa ndi apo popanda dongosolo, kawirikawiri amakhala aja a ming'alu yobisika amene anadutsa posankha. Dzira losweka lichotseni msanga pamodzi ndi thireyi yake yonyowa, ndipo anzake amene adontheredwa pang'ono apukuteni ndi kuwagulitsa poyamba, chifukwa madzi a dzira ndi chakudya cha tizilombo ndipo amaitana ntchentche.

Mdani wamkulu pabenchi ndi dzuwa. Kutentha kumasungunula choyera cha dzira kuti chikhale ngati madzi, ndiponso kumafooketsa kanembanemba ka chachikasu moti wogula akaswa dziralo zonse zimangosakanikirana. Tsiku limodzi padzuwa limakalambitsa dzira kuposa masiku angapo pamalo ozizira. Ngati m'khola muli tambala, vuto limakula, chifukwa kutentha kukapitirira madigiri seshasi 25 kamwanapiye kangathe kuyamba kupangika, kenako n'kufa, dzira n'kusukusa. Nkhuku zimaikira ngakhale popanda tambala, motero woweta nkhuku za mazira ogulitsa alibe chifukwa chomusungira pamodzi ndi zoikira. Ikani thireyi imodzi kapena ziwiri zokha pabenchi, pansi pa denga kapena ambulera, ndipo zotsalazo zikhale m'katoni pamthunzi, pamwamba pa thabwa osati pa dothi lonyowa. Kumbukirani kuti mthunzi umasuntha. Pamene panali pozizira m'mawa pangathe kukhala padzuwa masana. Benchi ya m'mbali mwa msewu ikhale yokhazikika, ndipo thireyi isakhale m'mphepete momwe anthu odutsa angaikhudze ndi katundu wawo.

Ena amaganiza kuti kusunga mazira m'firiji usiku kenako n'kupita nawo pamsika m'mawa n'kothandiza. Dzira lozizira likatulutsidwa kunja kotentha limachita thukuta, ndipo chinyezi chimenecho chimathandiza tizilombo kulowa m'chigoba komanso chimafewetsa thireyi. Dzira limene lalowa m'firiji liyenera kukhala momwemo mpaka tsiku lophika; limene likukagulitsidwa panja lisungidwe m'chipinda chozizirira bwino m'nyumba, osati m'firiji.

Pogulitsa tengerani wogula mazira ndi manja anu oyera, ndipo musalole kuti aliyense azigwedeza dzira pakhutu pofuna kuliyesa. Amene wagula ambiri mupatseni thireyi kapena chidutswa chake, chifukwa mazira oikidwa m'jumbo popanda chowalekanitsa amakasweka asanafike kunyumba, ndipo wogulayo adzakumbukira benchi yanu osati jumboyo.

Mazira otsala madzulo abwerere kunyumba atalongedzedwa mofanana ndi m'mawa. Thireyi yosadzaza ikhale pamwamba, ndipo mpata umene wasiyidwa ndi mathireyi ogulidwa udzazidwe ndi mathireyi opanda kanthu kapena mapepala. Lembani ndi pensulo m'mbali mwa thireyi iliyonse tsiku limene mazira ake anatoleredwa, ndipo mawa lake otsalawo akhale oyamba pabenchi, osasakanizidwa ndi atsopano. M'nyengo yotentha, ine ndimaona kuti dzira losalowa m'firiji liyenera kukhala litagulitsidwa pasanathe sabata imodzi chiikiridwire. Mukakayikira thireyi ina, tenganimo mazira awiri kapena atatu muwaike m'madzi: latsopano limamira n'kugona cham'mbali, lokhalitsa limaimirira mbali yaikulu ili m'mwamba, ndipo loyandama ndi loti litayidwe. Mazira oyesera m'madziwo asabwerere m'thireyi yogulitsa popeza anyowa, ndipo ngati limodzi mwa iwo layandama, unikani thireyi yonseyo ndi tochi musanainyamule.